Magazi akaloza impso, funsaninso mkodzo

Galu wa zaka 9, wolemera makilogalamu 20, wayamba kumaliza madzi a m'beseni lake dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo usiku akukanda chitseko kuti akakodze. Mwini wake atayeza wapeza kuti akumwa malita oposa 2 pa tsiku. Galu akamapyola mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ludzu limenelo n'lofunika kulifufuza.

Kwa dokotala wa ziweto magazi aonetsa kuti kiriyatinini ali pa 1.9 mg/dL, pomwe chaka chatha anali pa 1.2. Yuriya nayenso wakwera. Ziwirizi ndi zinyalala zimene impso zimasefa m'magazi, ndipo mwa agalu ambiri athanzi kiriyatinini safika pa 1.4. Koma kugamuliratu apa kuti impso zawonongeka n'kupupuluma. Yuriya amakwera ngakhale galu atangokhuta nyama, kapena akamataya magazi m'matumbo. Ndipo zonse ziwiri zimakwera mwa galu amene watha madzi m'thupi chifukwa chosanza kapena kutsegula m'mimba, impso zili bwinobwino.

Chomwe chimalekanitsa nkhanizi ndi mkodzo. Dokotala amadontheza pang'ono pa kachipangizo kotchedwa rifulakitomita, n'kuwerenga kulemera kwa mkodzowo poyerekeza ndi madzi, omwe ali pa 1.000. Thupi likauma, impso zamoyo zimaumira madzi, mkodzo n'kutuluka wochepa, wachikasu kwambiri, wopyola 1.030. Wa galu wathuyu uli pa 1.012, woyera mbee ngati madzi a pampopi. Zinyalala zadzaza m'magazi, koma impso zikungotaya madzi osabweza. Apa ndiye zili ndi mlandu woyankha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimenezi zimaoneka mochedwa. Mkodzo umayamba kusungunuka magawo awiri mwa atatu a tisefa ta impso atasiya ntchito, ndipo kiriyatinini amadumpha malire atawonongeka pafupifupi atatu mwa anayi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti pepala la zotsatira zakale lizisungidwa: kuchoka pa 1.2 kufika pa 1.9 kukunena zambiri kuposa 1.9 payekha. Galu wokalamba amene minofu yatha amabisanso vuto, poti kiriyatinini amachokera m'minofu.

Mkodzo utengedwe galu asanaikidwe diripu kapena kupatsidwa mankhwala okodzetsa, apo ayi usungunuka ndithu, impso n'kunamiziridwa. Dokotala amafunsanso ngati galu wamkazi wosafulidwa alibe mafinya m'chiberekero, ndiponso ngati galuyo sanadwale mwadzidzidzi, chifukwa poizoni ndi matenda ochokera ku mkodzo wa makoswe amavulaza impso m'masiku ochepa ndipo safuna kudikira.

Ngati galuyo akudya ndipo ali ndi madzi okwanira m'thupi, magazi ndi mkodzo amayezedwanso patatha milungu iwiri kapena kuposerapo. Akabweranso pa 1.9 ndi mkodzo wosungunuka, amaikidwa pa gawo lachiwiri mwa magawo anayi a matenda a impso okhalitsa. Zotsatira zake ndi kuyeza mapuloteni mu mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi, kusintha chakudya, ndipo beseni lija lisamaume usana ndi usiku.