Kuyesa lipoti latsopano la pakompyuta lisanayambe kudaliridwa

Lipoti lodzipanga lokha ndi lija lomwe kompyuta imatulutsa pa nthawi yake popanda munthu kukhala pansi n'kuwonkhetsa manambala. Pulogalamu imatunga zolembedwa ku gwero, komwe ndi kumene chilichonse chimalembedwa koyamba pamene chachitika, n'kuzisefa, kuziphatikiza ndi zina, kenaka n'kuziwonkhetsa. Pa lililonse la magawo amenewa nambala ikhoza kutayika kapena kuwerengedwa kawiri, ndipo kompyuta siichenjeza, chifukwa yachita zomwe inauzidwa. Lipoti lolakwika limatuluka laukhondo mofanana ndi lolondola. N'chifukwa chake lipoti latsopano limayamba layerekezedwa ndi gwero lake anthu asanayambe kupangira ziganizo.

Choyamba n'kugwirizana tanthauzo la chomwe chikuwerengedwa. Tiyerekeze bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama lomwe mamembala ake amabweza ngongole pakauntala komanso pafoni. Mawu oti "ndalama zobwezedwa mu Marichi" akhoza kumveka mosiyana. Kodi zomwe zinalowa molakwika n'kufafanizidwa zikhalemo? Nanga tsiku lake ndi lomwe membala analipira kapena lomwe kalaliki analemba? Mayankho alembedwe papepala kuyerekeza kusanayambe. Mwezi wosankhidwa ukhale wotsekedwa kale, poti mwezi womwe ukulandirabe ndalama umasintha pakati pa kutulutsa lipoti ndi kufunsa gwero, ndipo woyesa amangothamangitsa kusiyana komwe si vuto.

Nambala yoyerekezera iyenera kubwera panjira yake yosiyana. Ngati yatengedwa ndi malamulo omwewo omwe apanga lipotilo, ziwirizo zigwirizana ngakhale zonse zili zolakwika. Ndi bwino kuti wowerengera ndalama, osati wolemba pulogalamu, aitulutse yekha m'buku lalikulu la bungwe.

M'chitsanzo chathu gwero likuti mu Marichi munalowa malipiro 4,812 okwana K96,400,000. Lipoti latsopano likuti malipiro ndi 4,856 okwana K98,150,000. Lapyola ndi malipiro 44 komanso K1,750,000. Kusiyanaku sikukufika pa 2 peresenti, ndipo apa m'pomwe ambiri amagwa m'mayesero oti n'kwakung'ono, tingopitirira. Kuganiza kotero n'kolakwika, popeza kusiyana komwe kukuoneka ndi zotsala pamene zolakwika zokweza ndi zotsitsa zadyana. Nambala ziwiri, ya malipiro ndi ya ndalama, zimafunika zonse. Malipiro akachuluka ndiye kuti mwalowa mizere yosayenera, pamene malipiro akafanana koma ndalama n'kusiyana, vuto limakhala m'kawerengedwe ka mzere uliwonse.

Chotsatira n'kugawa chiwonkhetso m'zidutswa: tsiku ndi tsiku, nthambi ndi nthambi, njira yolipirira ndi njira inzake. Cholinga n'kuchepetsa malo ofufuzamo mpaka atsale mizere yoti munthu angaione ndi maso. Malipiro aliwonse amakhala ndi nambala yakeyake, ndipo funso limodzi lofunsa kompyuta limaulula zambiri:

```sql
SELECT COUNT(*), COUNT(DISTINCT txn_id), SUM(amount)
FROM report_rows;
```

Funsoli likuwerenga mizere yonse, kenaka nambala za malipiro zosabwerezedwa, kenaka ndalama. Likubweza mizere 4,856 koma nambala zosiyana 4,838. Choncho malipiro 18 alembedwa kawiri. Atayang'aniridwa, onse apezeka kuti ndi a mamembala omwe analembetsa nambala za foni ziwiri m'kaundula. Polumikiza malipiro ndi kaundula wa mamembala kuti dzina lioneke, pulogalamu inapeza mizere iwiri ya munthu mmodzi, n'kulemba malipiro ake pa mzere uliwonse. Cholakwika chimenechi n'chofala kwambiri m'malipoti otunga m'matebulo angapo, ndipo chimazembera mosavuta chifukwa mzere uliwonse pawokha ndi woona. Pano chawonjezera K900,000.

Nambala za malipiro zikaikidwa pambali pa za gwero, papezeka 31 zomwe gwero linazichonga kuti zinafafanizidwa, zokwana K1,150,000. Mapulogalamu a ndalama kawirikawiri safufuta malipiro olakwika. Amawasiya n'kuwaika chizindikiro kuti mbiri isasowe. Lipoti linaiwala kuyang'ana chizindikirocho.

Tsopano masamu akuvuta mwanjira yothandiza. K900,000 ndi K1,150,000 pamodzi ndi K2,050,000, zomwe zikuposa kusiyana koyamba kuja ndi K300,000. Ndiye kuti pali cholakwika chachitatu chomwe chikutsitsa chiwonkhetso, chomwe chinabisala kuseri kwa ziwiri zokwezazo. Kuyerekeza nambala za malipiro kukusonyeza kuti malipiro onse a masiku apakati ali mbali zonse ziwiri, koma mu lipoti mukusowa malipiro a pa 1 Marichi okwana K420,000, pamene pa 31 Marichi muli malipiro owonjezera okwana K120,000. Kusiyana kukakhala kumayambiriro ndi kumapeto kwa mwezi kokha, wokayikiridwa woyamba ndi wotchi. Makompyuta ambiri osunga zolembedwa amalemba nthawi ya UTC, ndipo nthawi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ili patsogolo pa UTC ndi maola 2. Membala yemwe analipira pafoni 1 koloko usiku wolowa pa 1 Marichi analembedwa kuti walipira 11 koloko usiku pa tsiku lomaliza la Febuluwale. Malipiro 9 otere anagwera mu Febuluwale, ndipo 4 a usiku wolowa pa 1 Epulo anakokedwera mu Marichi. Malipiro apakauntala okha sakanaulula vutoli, poti ofesi imakhala yotseka maola amenewo.

Kufufuza kumatha pokhapokha kusiyana konse kwafotokozedwa mbali zonse ziwiri. Pa ndalama: K900,000 kuphatikiza K1,150,000 ndi K120,000, kuchotsapo K420,000, zikupereka K1,750,000. Pa malipiro: 18 kuphatikiza 31 ndi 4, kuchotsapo 9, zikupereka 44. Palibe chotsala. Akanasiya atapeza cholakwika choyamba, lipoti likanayandikira gwero n'kuoneka ngati lachira, pamene zolakwika ziwiri zikadalimo.

Nthawi zina kusiyana kumakhala ndi chifukwa chovomerezeka, monga matambala otayika pozungulitsa nambala za chiwongoladzanja. Malire a kusiyana kotereku aikidwe pasadakhale pamodzi ndi chifukwa chake, osati kuikidwa pambuyo kuti lipoti lidutse. Pa chiwerengero cha malipiro sipakhala malire olekerera, chiyenera kufanana ndendende.

Pulogalamu ikakonzedwa, kuyerekeza kumachitikanso kuyambira pachiyambi, chifukwa kukonza kumodzi kumatha kuwononga pena. Kumachitikanso pa miyezi ina yosafanana ndi woyambawo, makamaka wotseka chaka cha ndalama ndi mwezi wa malipiro ochuluka monga nthawi yogulitsa zokolola. Mabungwe ambiri amayendetsa lipoti latsopano limodzi ndi lakale kwa miyezi ingapo, koma ziwirizo zikasemphana woweruza ndi gwero, popeza lakalelo nalonso likhoza kukhala ndi zolakwika zomwe anthu anangozizolowera.

Njirayi ili ndi polekezera. Imatsimikiza kuti lipoti likunena zomwe gwero likunena, koma siitsimikiza kuti gwerolo likunena zoona. Kalaliki akalemba K50,000 m'malo mwa K5,000, zonse ziwiri zigwirizana pa nambala yolakwikayo, ndipo choigwira ndi kuyerekeza ndi sitetimenti ya kubanki kapena malisiti. Chiwonkhetso cholondola sichionetsanso malipiro omwe aikidwa pa dzina la membala wina, motero woyesa amatola malipiro angapo n'kuwalondola limodzi limodzi kuchokera pa lisiti kufika mu lipoti. Komanso gwero limasintha: pakabwera njira yatsopano yolipirira kapena nthambi yatsopano, lipoti lomwe linali lolondola likhoza kuisiya panja mwakachetechete. Pachifukwa ichi chiwerengero cha malipiro ndi chiwonkhetso cha ku gwero zimaikidwa pansi pa lipoti lililonse, ndipo pulogalamu imauzidwa kuti zikasiyana ndi za lipotilo isalitumize, koma idziwitse wowerengera ndalama.