Nyali ya AdBlue ikayaka, galimoto imayamba kuwerenga makilomita

Galimoto zambiri za dizilo zomwe anthu akugula masiku ano kuchokera ku Ulaya, makamaka ku Britain, zili ndi thanki yachiwiri imene eni ake ena sadziwa n'komwe kuti ilipo. Mukatsegula pothirira mafuta, pambali pa chivindikiro cha dizilo mumaona kachivindikiro kena kakang'ono kabuluu. M'galimoto zina kamabisala m'buti, zina pansi pa boneti. Mmenemo mumalowa madzi amene pa chigubu ndi pa dashibodi amalembedwa kuti AdBlue, ndipo ku America amalembedwa DEF. Madzi amenewa akatha, galimoto yabwinobwino, ya batire lamoyo ndi dizilo wodzaza thanki, imakana kulira.

Madziwa si mafuta, ndipo m'injini salowamo. Ndi yureya woyengedwa bwino wosungunulidwa m'madzi oyeretsedwa mpaka kuchotsa mchere wonse. Pa magawo 100 aliwonse, 32.5 ndi yureya ndipo 67.5 ndi madzi. Ntchito yake imachitikira m'paipi ya ekizozi. Injini ya dizilo ikatentha kwambiri imatulutsa mpweya woipa umene akatswiri amalemba kuti NOx, womwe umapweteka mapapo ndi kuvutitsa anthu a chifuwa cha mphumu. Kampopi kakang'ono kamawaza madziwa mu utsi wotentha, yureya amasanduka amoniya, ndipo m'kabokosi kena ka m'paipi momwemo amoniyayo amakumana ndi mpweya woipa uja n'kuusandutsa nayitirojeni ndi nthunzi ya madzi, zinthu zomwe zili kale mu mpweya umene timapuma.

Nanga ngati injini siidya madziwa, ikanirenji kulira? Chifukwa chake ndi lamulo, osati kuwonongeka. Kuyambira mu Seputembala 2015, galimoto zatsopano zazing'ono zogulitsidwa m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya zinayenera kukwaniritsa muyezo wa utsi wotchedwa Euro 6, ndipo opanga ambiri anasankha njira ya yureya imeneyi. Okonza malamulo anadziwa kuti galimoto ikamayenda bwinobwino popanda madziwa, madalaivala ambiri sadzagulanso, utsi udzabwerera mwakale. Ndiye analamula kuti galimoto izichenjeza mwini wake kukadali makilomita osachepera 2,400, ndipo akapanda kumva, iziletsedwa kuyenda. Njira imene opanga ambiri anatsata ndi yoti kompyuta ya galimoto izitseka sitata. Lamulo limeneli linalembedwa m'kompyutamo, ndipo limawoloka nyanja pamodzi ndi galimotoyo. Kompyuta siidziwa kuti tsopano ili ku Mchinji.

Machenjezo amabwera motsatizana. Poyamba pamatuluka uthenga wofatsa wosonyeza makilomita otsala, 2,400 kapena mamailosi 1,500 pa galimoto za ku Britain. Kenako nyali imasanduka yachikasu, belu limalira nthawi iliyonse mukayatsa, ndipo pa galimoto zambiri za Volkswagen uthenga wake umakhala ndi mawu akuti No engine start in 1000 km. Nambala ikafika pa 0, nyali imafiira. Apa mpofunika kumvetsa bwino: injini siizima muli pamsewu, chifukwa zimenezo zingadzetse ngozi. Imapitiriza kuyenda mpaka inu mutaizimitsa nokha. Mukangotero, siidzukanso. Kujampa batire sikuthandiza, kuchotsa thambo la batire sikufufuta nambalayo, ndipo kusintha sitata n'kutaya ndalama.

Tiyerekeze kuti munthu akunyamuka ku Lilongwe kupita ku Karonga, dashibodi ikusonyeza kuti kwatsala makilomita 1,000. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 550, choncho popita amafika popanda vuto, ndipo mtima umakhala m'malo. Koma kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 1,100. Chinanso, nambala ya pa dashibodi ndi yongoyerekeza. Galimoto yaing'ono imadya pafupifupi lita imodzi kapena imodzi ndi theka pa makilomita 1,000, koma ikalemedwa ndi matumba a mpunga n'kumakwera chikweza cha Chiweta, injini imatentha, mpweya woipa umachuluka, ndipo kampopi kamawaza kwambiri. Nambala imatha kugwa msanga kuposa mtunda umene mwayenda. Munthu ameneyu akhoza kufika pa 0 ali cha ku Kasungu. Akaima kuti agule chakumwa n'kuzimitsa injini, ulendo wathera pomwepo. Komatu ulendo wonsewo umangofuna malita awiri okha, ndipo chigubu chimodzi cha malita 10 chothiridwa asananyamuke chikanamuyendetsa makilomita masauzande angapo.

Zikafika poti yakana kulira, kuthira kabotolo kamodzi sikukwanira. Sensa ya m'thanki imafuna kuona kuti madzi akweradi, ndipo galimoto zambiri zimafuna malita anayi kufika asanu ndi limodzi. Buku la galimoto yanu limanena mlingo weniweni. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, pukutani fumbi pakamwa pa thanki, ndipo thirani ndi kapaipi kobwera ndi chigubucho, osati fanelo imene idathirapo oyilo kapena dizilo. Mukatha, tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, koma musalize. Dikirani masekondi 30 kapena kupitirirapo kuti kompyuta iwerenge mlingo watsopano, kenako lizani. Madzi amene atayikira pa penti asambitseni msanga, chifukwa akauma amasiya zoyera zonga mchere.

Kuno kwathu pali chiyeso chimodzi chachikulu. Yureya timamudziwa tonse, ali m'thumba la feteleza wobereketsa chimanga, ndiye wina angaganize zongomusungunula m'madzi a pampopi. Musayese. Feteleza ali ndi zosakaniza zina zomuteteza kuti asaumbike, ndipo madzi a pampopi kapena a pamjigo ali ndi mchere wa m'nthaka. Zonsezi zimatseka timabowo ta kampopi ndi kuwononga kabokosi ka m'ekizozi, chomwe ndi chipangizo chodula kwambiri. Kuthira madzi okhaokha nakonso sikupusitsa galimoto: masensa amaona kuti utsi sukuyera, ndipo kuwerenga makilomita kumayambiranso. Gulani chigubu chomata bwino cholembedwa ISO 22241, ndipo onani tsiku limene chinapangidwa. Kutentha kopitirira madigiri 30 kumafupikitsa moyo wa madziwa, choncho chigubu chimene chakhala padzuwa la ku Nsanje kapena m'buti miyezi yambiri n'chokayikitsa. Ngati mwalakwitsa n'kuthira madziwa m'thanki ya dizilo, musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono. Itanani makaniko akhuthule thankiyo, chifukwa yureya akafika m'pampu ya dizilo amaidya ndi dzimbiri.

Nthawi zina thanki imakhala yodzaza koma chenjezo silichoka, kapena limayakira pamodzi ndi nyali ya injini. Apo vuto si kuchepa kwa madzi ayi. Mwina sensa ya utsi yafa, pampu ya madziwa yafooka, kapena kampopi katsekeka ndi yureya wouma, zomwe zimakonda kuchitika pa galimoto zongoyenda maulendo aafupi m'tauni, ekizozi isanatenthe mokwanira. Kuthirabe sikungathandize, ndipo makilomita amapitiriza kutsika chimodzimodzi. Pitani kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto nambala ikadali m'mahandiredi, galimoto ikutha kudziyendera yokha kupita ku galaja.

Ngati mukufuna kugula galimoto ya dizilo yopangidwa kuyambira 2015, funafunani kachivindikiro kabuluu kaja musanapereke ndalama, yatsani dashibodi muone ngati pali uthenga wa AdBlue, ndipo dziwiranitu kumene madziwa amagulitsidwa m'dera lanu, poti si malo onse omwetsera mafuta amene amakhala nawo. Chenjezo loyamba likangotuluka, thirani sabata yomweyo.