Kusinthana mashifiti: bowo limangosamukira tsiku lina

Pa wodi ya amayi oyembekezera, rosita imakhomedwa pakhoma mwezi ukamayamba, koma maliro sayang'ana rosita. Namwino amene walembedwa kugwira naiti Lachisanu akhoza kumva Lachitatu kuti azakhali ake atisiya ku Ntcheu. Amathamangira mnzake n'kumupempha kuti: "Asisi, ndigwirireniko naiti ya Lachisanu, ine ndidzakugwirirani yanu ya Lachiwiri." Mnzakeyo amavomera chifukwa ndi mmene anthu amakhalira. Vuto ndi lakuti awiriwa amaona ngati nkhani yathera pakati pawo, chonsecho kusinthana kumodzi kumakhudza mashifiti angapo.

Tiyerekeze kuti pa wodiyi shifiti ya masana imayamba 7:30 m'mawa n'kutha 4:30 madzulo, ndipo naiti imayambira pomwepo mpaka 7:30 m'mawa mwake. Usiku pamafunika anamwino atatu, masana anayi. Wovomera kugwirira mnzake uja, rosita ikuonetsa kuti Loweruka ali m'gulu la anayi a masana. Akagwira naiti ya Lachisanu adzaweruka 7:30 Loweruka m'mawa, nthawi yomwe shifiti yake yeniyeni ikuyamba. Apa pali njira ziwiri, zonse zoipa: apite kukagona, wodi itsale ndi anthu atatu m'malo mwa anayi, kapena alimbe mtima agwire maola 24 osapuma, kwinaku akuwerengera odwala mankhwala maso ali psuu. Bowo la Lachisanu latsekedwa, koma latulukira Loweruka. N'chifukwa chake woyang'anira wodi asamangoona tsiku losinthanalo. Ayike chala pa mzere wa wogwirira mnzakeyo, aone shifiti ya m'mbuyo ndi ya kutsogolo kwake.

Tsiku lobwezera nalonso liyesedwe chimodzimodzi, ndipo ili ndi lomwe anthu amaliiwala. Ngati Lachiwiri linali tsiku lopuma la wopita kumaliroyo, kubweza naitiyo kungamuchititse kugwira masiku ambiri motsatizana. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, Employment Act, limaika malire a maola 48 pa sabata, kupatula ovataimu, ndipo limafuna kuti munthu akagwira masiku 6 motsatizana apume maola 24 athunthu. Kugwirizana kwa anthu awiri sikufafaniza zimenezi.

Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona kuti n'chachikulu koposa, ndi chakuti kuwerenga mitu sikokwanira. Anthu atatu a usiku aja sali ofanana. Mwina mmodzi yekha ndiye mzamba wodziwa zambiri, amene amasunga makiyi a kabati ya mankhwala oopsa, amazindikira msanga mayi akayamba kutaya magazi kwambiri atachira, ndipo amadziwa nthawi yoitanira dokotala. Ngati wopita kumaliroyo ndi ameneyu, ndipo womugwirira wangomaliza kumene sukulu, papepala padzaoneka atatu ndithu, koma wodi idzagona yopanda wotsogolera. Choncho posinthana, mzamba asinthane ndi mzamba, wotsogolera shifiti asinthane ndi wina amene angathe kutsogolera. Zimathandiza woyang'anira akaika chizindikiro pa rosita pambali pa mayina a anthu oterewa, kuti aliyense adziwiretu amene angamupemphe.

Nanga pa nkhani yathuyi achite chiyani? Kukaniza munthu kupita kumaliro a mbale wake si yankho, chifukwa adzapitabe, ndipo ulendo wina sadzanenanso, adzangoimba foni kuti wadwala. Woyang'anira afufuze mzamba amene akupuma Loweruka. Akasowa, angalole kusinthana koyamba kuja pokhapokha wina wachitatu atatenga shifiti ya Loweruka masana, kapena apemphe kwa ametironi munthu wa lokamu ngati ndalama yake ilipo. Kusinthana kwa anthu atatu n'kotheka, koma kukafika pa anayi kapena asanu, mmodzi amaiwala ndithu.

Zonsezi zilembedwe. Buku wamba likwanira: tsiku ndi shifiti yomwe akusinthana, dzina la wopereka, la wolandira, tsiku lobwezera, awiriwo asaine, woyang'anira asainenso, kenako akonze rosita ya pakhoma nthawi yomweyo. Uthenga wa pa WhatsApp pakati pa anthu awiri sufika kwa amene akulandira wodi. Pakhalenso mfundo yodziwika kwa onse yakuti woyang'anira asanasaine, shifiti ikadali ya mwini wake, koma akasaina, amene angafunsidwe akapanda kubwera ndi wolandirayo. Popanda mfundoyi, 4:30 ikakwana aliyense amaloza mnzake, ndipo namwino wa masana ndiye amakakamizika kutsalira.

Bukulo limaululanso zina. Mwezi ukatha, woyang'anira aliwerenge. Akaona kuti munthu mmodzimodzi ndiye amalandira manaiti a anzake, kawirikawiri amakhala wamng'ono pantchito amene akuopa kukana akuluakulu, ndipo afunika kumuteteza. Akaona kuti wina amapempha kusintha Loweruka lililonse chifukwa amapita kutchalitchi kapena kusukulu, aikiretu zimenezo mu rosita ya mwezi wotsatira.