Chilembo chimodzi pa pulani chimene chimaimitsa makina

M'mashopu osema zitsulo, kaya ku Kanengo mu Lilongwe kaya ku Makata mu Blantyre, mmisiri waluso nthawi zina amazimitsa makina ntchito ili mkati. Mpeni sunathyoke, magetsi sanathime. Iye wangoyang'anitsitsa pulani, wapukusa mutu, n'kutenga foni kuti alembere amene anajambula. Mwini katundu amaona ngati munthuyo akutaya nthawi, pamene mphindi zimenezo n'zimene zikupulumutsa chitsulo chake.

Tiyerekeze kuti ntchito yake ndi pule yachitsulo yokungira lamba wa makina. Pakati pa puleyo pakufunika bowo loti mulowe beringi ya nambala 6204, imene amisiri ambiri amaidziwa bwino. Kukula kwake n'kofanana kulikonse: bowo lake lamkati ndi mamilimita 20, kunja kwake ndi mamilimita 47, kuchindikala kwake ndi mamilimita 14. Pa pulani, pafupi ndi bowo la puleyo, palembedwa kuti Ø47 h7. Nambala ya 47 ilibe vuto. Chimene chaimitsa ntchito ndi chilembo chaching'onocho.

Palibe makina amene angaseme bowo la mamilimita 47 ndendende, osapitirira kapena kupelewera ngakhale pang'ono. Choncho wojambula amapereka malire awiri, wam'munsi ndi wam'mwamba, ndipo bowo lililonse limene lagwera pakati pa malirewo ndi labwino. Pofuna kuti asamalembe manambala ambirimbiri, amisiri a m'mayiko ambiri amatsata ndondomeko yotchedwa ISO 286, imene imafupikitsa malirewo kukhala chilembo ndi nambala. Nambala imanena kukula kwa mpata umene mmisiri wapatsidwa. Pa miyezo yoposa mamilimita 30 mpaka 50, nambala 7 imapereka mpata wa mamilimita 0.025, umene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuchindikala kwa pepala wamba la muofesi. Chilembo chimanena mbali imene mpatawo wagona, pamwamba pa 47 kapena pansi pake.

Lamulo la zilembozi ndi losavuta: zilembo zazikulu ndi za mabowo, zazing'ono ndi za mashafuti. H7 ndi bowo loyambira pa 47.000 kukwera kufika pa 47.025. Koma h7 ndi shafuti yoyambira pa 47.000 kutsika kufika pa 46.975. Wojambula uja walemba chizindikiro cha shafuti pa bowo, ndipo pamenepo pabadwa matanthauzo awiri. Mwina dzanja linangolakwitsa, amafuna H7. Mwinanso amafunadi bowo lothina, la pakati pa 46.975 ndi 47.000, koma anasankha chizindikiro cholakwika. Bowo la malire amenewo lili ndi dzina lakelake m'ndondomekoyi, ndilo M7.

Matanthauzo awiriwa amangokumana pa 47.000 basi. Bowo la 47.015 ndi labwino pa tanthauzo loyamba, koma ndi lotayidwa pa lachiwiri. Bowo la 46.985 ndi labwino pa lachiwiri, lopelewera pa loyamba. Palibe muyezo wapakati umene mmisiri angabisalepo.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa funsoli, ayang'ane beringiyo. Opanga maberingi wamba a kukula kumeneku amalola mphete yakunja kukhala pakati pa 46.989 ndi 47.000. Ikalowa m'bowo la H7, imalowa mosavuta, nthawi zambiri ndi zala zokha, ndipo pangatsale mpata wofika 0.036. Ikalowa m'bowo la M7, kawirikawiri imafuna kukanikizidwa, chifukwa bowo likhoza kuchepa kuposa beringi ndi 0.025, ndipo ngakhale zitakumana momasuka chotani, mpata sungapose 0.011.

Kusankha pakati pa ziwirizi kumadalira chimene chikuzungulira. Mu mota ya magetsi kapena m'nyumba ya beringi yomangidwa pa felemu, shafuti ndiyo imazungulira, mphete yakunja imangokhala, ndipo katundu amaitsamira mbali imodzi nthawi zonse. Pamenepo H7 imakwanira. Koma pa pule yokungira lamba, nthawi zambiri shafuti imakhala chilili ndipo pule ndiyo imazungulira pamodzi ndi mphete yakunja. Lamba amakoka mbali imodzi, mphete ikudutsa pansi pa mphamvuyo ulendo uliwonse. Pakakhala mpata, mpheteyo imayamba kukwawa pang'onopang'ono m'bowo lake. Wotsegula pule yotere pakapita nthawi amapeza fumbi lofiirira ngati dzimbiri, kunja kwa beringi kutanyezimira chifukwa chopekesana, bowo litakula, pule ikugwedera ndipo lamba akuthawira m'mbali. N'chifukwa chake mabuku a opanga maberingi amalangiza M7, N7 kapena kuthina koposa pamenepo ngati mphete yakunja ndiyo ikuzungulira ndi katundu.

Kuthina kosafunika kulinso ndi mtengo wake. Mphete ikafinyidwa, kampata kamene timipira ta mkati timayendamo kamachepa. Pa 6204 wamba kampatako ndi ka pakati pa 0.005 ndi 0.020, choncho sipafunika kufinya kwambiri kuti kathe. Beringi yotero imalimba poizunguza ndi dzanja, imatentha ikayamba ntchito, girisi amauma msanga, kenako imayamba kulira.

Mmisiri wathu akudziwa zonsezi, komabe sasankha yekha. Iye wapatsidwa pulani ya pule yokha. Sanaone makina onse, sakudziwa kulemera kwa katundu, ndipo sangatsimikize ngati shafuti ndiyo idzaime. Amene akudziwa ndi wojambula. Uthenga wake ungamveke chonchi:

"Achimwene, mwaswera bwanji? Ndili ndi pulani ya pule yokungira lamba ija. Pa bowo la beringi mwalemba Ø47 h7, ndi chilembo chaching'ono. Kodi mumatanthauza H7, kuyambira 47.000 mpaka 47.025, kapena mukufuna lothina, 46.975 mpaka 47.000, limene ndi M7? Ngati 6204 ikuzungulira ndi pule, ine ndikuona ngati ndi M7, koma sindidula musanandiuze. Bowo ndalisiya pa 46.5, chitsulo chikadali pa makina. Mukandiyankha isanakwane 2 koloko, mapule onse anayi atuluka lero. Chonde mulembe yankho ndi manambala ake, musinthenso pulaniyo. Zikomo."

Mzere uliwonse wa uthengawu uli ndi ntchito. Mmisiri watchula malo enieni a vutolo ndipo wakopera zimene zalembedwa monga momwe zilili, moti wojambula safunika kusakasaka. Sanangofunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani?" Waika matanthauzo onse awiri ndi manambala ake, kuti woyankha angoloza limodzi. Izi zimatseka msampha umene umakola anthu ambiri polankhula pa foni: pakamwa, H7 ndi h7 zimamveka chimodzimodzi. Wojambula atangoyankha kuti "inde, ndi eichi seveni," aliyense angaike foni pansi akukhulupirira kuti amvana, pamene mmodzi akuganiza za bowo lomasuka, wina lothina.

Wanenanso maganizo ake ndi chifukwa chake, mwaulemu, osatosa mnzake m'maso kuti walakwitsa. Wojambula amene waona mawu akuti "ngati ikuzungulira ndi pule" amakakamizika kubwerera ku pulani ya makina onse n'kuyang'ana, m'malo moyankha zapamtima.

Kusiya bowo pa 46.5 ndi nzeru ya ntchito imeneyi. Chitsulo chikachoka sichibwerera. Bowo laling'ono limakulitsidwa m'mphindi zochepa, koma limene lapitirira limafuna kulisema kwambiri, kulowetsamo mphete ina yachitsulo, n'kusemanso, kapena kutaya puleyo n'kuyamba ina. Ena amalimenya ndi panchi mkati kuti chitsulo chitupe n'kugwira beringi, koma timapiri timeneto timaphwanyika msanga ndipo kugwedera kumabwerera. Kusamasula chitsulo pa makina kulinso ndi cholinga: bowo likamalizidwa pule isanachotsedwe, limakhala pakati penipeni pa mbali zina zimene zasemedwa pa kumanga komweko.

Tinene kuti yankho lafika: "Pepani achimwene, ndi M7, 46.975 mpaka 47.000. Shafuti siizungulira. Ndinasankha chizindikiro cha shafuti chifukwa manambala ake anali omwewo. Pulani yatsopano ndi iyi." Amene akanangoganiza kuti wojambula anaiwala kulemba chilembo chachikulu, monga zimakhalira nthawi zambiri, akanasema mapule anayi omasuka. Akanaoneka bwino pa tebulo, beringi ikanalowa mosavutitsa, ndipo vuto likanadzaonekera makina ali kale pa ntchito.

Pulani yosinthidwa ndi yofunika ngati yankho lenilenilo. Pa ngodya ya pulani pamakhala malo olembapo kusintha kulikonse, chilembo chake, tsiku ndi amene wavomereza. Zikapanda kulembedwa pamenepo, chaka chamawa pepala lakale lidzatuluka m'kabati, lidzafika kwa mmisiri wina, ndipo funso lomweli lidzabweranso, kapena silidzafunsidwa n'komwe.

Chatsala ndi kudula ndi kuyeza. Mmisiri amalunjika pakati pa malire, cha pa 46.988, kuti akhale ndi mpata mbali zonse. Amakumbukira kuti mpeni ukalowa ndi 0.01, bowo limakula ndi 0.02, popeza umadya kuzungulira konse. Veniya wamba, imene imawerenga 0.02, singaweruze mpata wa 0.025, choncho amatenga geji yoyezera mabowo imene waitchera ndi maikulomita. Amayeza pakamwa pa bowo ndi mkati mwake, kenako amatembenuza geji n'kuyezanso mopingasa, kuti aone ngati bowo silinachepere mkati kapena kukhala ngati dzira.

Asanadule komaliza amadikira chitsulo chizizire. Miyezo ya pa pulani imawerengedwa pa madigiri 20, ndipo bowo la mamilimita 47 m'chitsulo chimene chatentha ndi madigiri ena 20 limakula ndi pafupifupi 0.011, kumene ndi pafupi ndi theka la mpata wonse. Akayeza pule ikadali yotentha n'kupeza 46.980, ikazizira idzakhala cha pa 46.969, kunja kwa malire. Ikafika poti dzanja silikumvanso kutentha, amadula pang'ono, amayeza, n'kulemba muyezo wa pule iliyonse pa khadi la ntchito. Kenako amapaka timafuta pang'ono m'bowo, amaika kachitsulo kobulungira kokhudza mphete yakunja yokha, n'kukanikiza beringi mpaka itakhala pa phewa lake.