Nsikidzi Zimaopa Kutentha, Koma Zimadziwa Kubisala

Ana inu, munayamba mwadzukapo m'mawa thupi likuyabwa, pamkono pali tizotupa tondondozana ngati mzere wa nyerere? Mukaonanso timadontho takuda m'misoko ya matiresi, dziwani kuti m'nyumbamo mwalowa nsikidzi. Kachilombo kameneka n'kofiirira, kophwatalala, kotalika pafupifupi mamilimita 5. Sikauluka ndipo sikadumpha. Masana kamabisala, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi.

Nanga n'chifukwa chiyani amayi amatereka madzi pamoto akaziona?

Taganizani za dzira. Mukaliswera m'chiwaya chotentha, madzi ake oyera aja amalimba, ndipo sangabwererenso mwakale. M'thupi mwa nsikidzi mulinso zinthu zamtundu womwewo. Zikatenthedwa kwambiri zimawonongeka, kachilomboko n'kufa. Ife tikamva kutentha timatuluka thukuta n'kuzizidwa, koma nsikidzi ilibe mwayi wotere. Malo amene ili akatentha, thupi lake nalo limatentha.

Nsikidzi zimayamba kufa kutentha kukafika madigiri 45, koma zimafa pang'onopang'ono. Mazira ake ndi amene amapirira kwambiri. Ndi oyera, aang'ono ngati kanjere ka mchere, ndipo amamatirira pansalu moti kukutumula bulangeti sikuwachotsa onse. Pamadigiri 60, nsikidzi zimafa pamodzi ndi mazira omwe. Madzi otere simungapisemo dzanja. Ngati dzanja likupirira, madziwo ndi ofunda chabe, angochotsa litsiro.

Tiyeni tiwerengere. Madzi owira amakhala pa madigiri pafupifupi 100, pomwe a pamjigo tinene kuti ali pa 25. Mukasakaniza ndowa imodzi ya owira ndi imodzi ya ozizira, mupeza madigiri 62 kapena 63. Zikuoneka zokwanira eti? Vuto n'lakuti beseni ndi bulangeti n'zozizira, ndiye zimalanda kutentha kuja msanga. Ndowa ziwiri za owira ndi imodzi ya ozizira zimapereka madigiri 75, ndipo zofunda zikalowa, madzi amatsalabe otentha mokwanira. Zofundazo zimizidwe zonse ndi mtengo, beseni livindikiridwe kwa theka la ola, kenako zichapidwe ndi sopo. Ntchito imeneyi ndi ya akuluakulu. Inu mukhale patali, madzi owira amawaula khungu.

Dzuwa nalo limathandiza, makamaka la mu Okutobala. Nsalu yopyapyala yoyalidwa pamwala wotentha imatentha mbali zonse, nsikidzi n'kusowa kothawira. Matiresi ndi nkhani ina. Pamwamba pake pamatha kutentha ngati chiwaya, pansi pake pali pozizira bwino. Nsikidzi zimangoyenda n'kukabisala kunsi kapena m'kati mwa misoko, madzulo n'kubwerera nanu m'nyumba. Choncho matiresi azitembenuzidwa pafupipafupi, misoko yake izikwechedwa ndi bulashi panja, kutali ndi khomo. Zovala ndi nsalu zikauma zisitidwe, simbi izidutsa pang'onopang'ono m'misoko.

Akuluakulu amati nsikidzi zinachilira kwa alendo. Masiku ano zambiri zimachilira m'ming'alu. Zofunda zili pachingwe, nsikidzi zina zili phee m'khoma, m'malumikiziro a bedi, pakati pa bango la mphasa, ngakhale kuseri kwa kalendala. Zimatha miyezi ingapo osadya, ndiye kusamuka m'chipinda kwa masiku ochepa sikuzipha ndi njala. Bedi litulutsidwe, akulu athire madzi owira m'malumikiziro ake ndi pamphasa. Ming'alu ya khoma imatidwe, pansi pazilidwe, zinyalala zosesedwa m'chipindamo zitenthedwe. Bedi likabwerera, lisagunde khoma.

Samalani ndi neti yoteteza ku udzudzu. Iyo isaviikidwe m'madzi otentha kapena kuyanikidwa padzuwa, chifukwa mankhwala ake amatha mphamvu. Ichapidwe ndi madzi ozizira n'kuyanikidwa pamthunzi, ndipo m'makona mwake mufufuzidwe ndi manja. Neti sibala nsikidzi, zimangobisalamo. Pitirizani kugona m'neti, poti udzudzu umafalitsa malungo pomwe nsikidzi sizifalitsa.

Mankhwala a kumunda ndi palafini zisathiridwe pogona. Mankhwalawo ndi poizoni kwa anthu, palafini amayaka. Nsikidzi zikakanika, makolo akafunse alangizi a zaumoyo.

Chomaliza ndi ntchito yanu. Mazira amene apulumuka amaswa pakatha sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Lembani tsiku lochapira pakalendala, muwerenge masiku 10, ndipo tsikulo likafika tengani tochi muunike m'misoko ya matiresi. Mukaona timadontho takuda tatsopano kapena tiana toyererako tikuyenda, thamangani mukauze amayi kuti mphika ubwerere pamoto.