Zida zitatu za Reserve Bank: n'chiti chimafika msanga pangongole ya wamalonda?

Nyengo yokolola ikafika, misika ya Mponela, Madisi, Malomo ndi paboma la Ntchisi imadzaza ndi masikelo. Ogula soya, mtedza ndi chimanga amafuna mpamba wambiri nthawi imodzi, ndipo ena amakagogoda kubanki. Yankho lomwe amakapeza kumeneko, kaya ngongole ilipo kapena ayi, komanso chiwongoladzanja chake, silichokera kwa manijala wa nthambiyo yekha. Gawo lalikulu limachokera ku Lilongwe, kubanki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, yomwe ntchito yake ina n'kuonetsetsa kuti ndalama zisachuluke m'dziko kuposa katundu woti zigule.

Bankiyi ili ndi zida zitatu zochitira zimenezi, ndipo zonse zimagwira mabanki a malonda, osati wamalonda mwachindunji. Choyamba n'kulamula mabanki kusunga gawo la ndalama za makasitomala osalibwereketsa. Chachiwiri n'kugula kapena kugulitsa mapepala a ngongole pamsika wa ndalama. Chachitatu n'kubwereketsa mabanki omwe aperewedwa. Zida zimenezi sizigwira ntchito mofanana, ndipo pali zifukwa zomwe mabanki aakulu amakondera china kuposa chinzake.

Ndalama zokhomera m'nkhokwe

Chida choyamba n'chosavuta kuchimvetsa. Pa K100 iliyonse yomwe anthu asungitsa kubanki, lamulo limati gawo lakutilakuti lisungidwe, lisabwereketsedwe. M'zikalata za Reserve Bank gawoli amalilemba ndi zilembo zoti LRR.

Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utayamba, bankiyi idatsitsa gawoli pandalama za kwacha kuchoka pa 5 kufika pa 3.75 peresenti, kuti mabanki akhale ndi zobwereketsa zambiri. Mitengo ya zinthu itayamba kuthamanga, idalikwezanso: 5.75 peresenti mu Epulo 2023, kenako 7.75 mu Julaye chaka chomwecho, mpaka kufika pa 10 peresenti mu Novembala 2024.

Manambalawa amaoneka aang'ono, koma chitsanzo chikuonetsa kulemera kwake. Banki yomwe ikusunga K100 biliyoni ya makasitomala imayenera kukhomera K7.75 biliyoni gawoli likakhala pa 7.75 peresenti. Likakwera kufika pa 10, imakhomera K10 biliyoni. Ndiye kuti K2.25 biliyoni yomwe ikadapita kwa obwereka yatsekeredwa, pamene bankiyo ikulipirabe chiwongoladzanja kwa eni ndalamazo. Kuti ibweze pomwe yaluza, imakweza chiwongoladzanja cha obwereka, kapena kutsitsa cha osunga, kapena kuyamba kusankha kwambiri owabwereketsa. Oyamba kutsala kunja amakhala opanda chikole chooneka, ngati wogula soya yemwe chuma chake chonse chili m'matumba.

Ubwino wa chidachi kwa Reserve Bank ndi woti chimagwira mabanki onse tsiku limodzi ndipo ndalamazo zimakhala zomangika kwa nthawi yaitali. Kuipa kwake kuli pomwepo: sichisankha. Banki yaikulu yomwe ili ndi ndalama zongokhala siimva kuwawa, pamene yaing'ono yomwe idabwereketsa pafupifupi zonse imayamba kuthamangathamanga. Komanso sichingasinthidwe sabata ndi sabata, chifukwa mabanki sangakonze mapulani a ngongole ngati lamulo likusinthasintha. N'chifukwa chake maiko ena adachisiya: banki yaikulu ya ku America idatsitsa gawoli kufika pa ziro mu Malichi 2020, ndipo ya ku Canada idalichotsa kalekale.

Kugula ndi kugulitsa pamsika

Chida chachiwiri chimafanana ndi zomwe wamalonda aliyense amadziwa. Chimanga chikachuluka pamsika mtengo umagwa, ndipo wina akabwera n'kugula matumba ambiri n'kukasunga, mtengo umadzuka. Ndalama nazonso zili ndi msika wake, pomwe mabanki amabwerekana okhaokha kwa usiku umodzi kapena masiku ochepa. Zikachuluka, chiwongoladzanja chomwe amalipiritsana chimatsika, zikachepa chimakwera.

Reserve Bank ikaona kuti ndalama zasefukira m'mabanki, imawagulitsa mapepala a ngongole n'kutenga kwacha zawo. Njira yodziwika kwambiri ndi yomwe amaitcha ripo: imagulitsa mapepalawo polonjeza kuti idzawagulanso pakatha masiku omwe agwirizana, n'kuwonjezerapo chiwongoladzanja. Ndalama zikachepa imachita motembenuza: imagula mapepala kwa mabanki n'kuwapatsa kwacha.

Ichi ndicho chida chomwe mabanki aakulu ambiri padziko amakonda pantchito ya tsiku ndi tsiku, pazifukwa zitatu. Banki yaikulu imasankha yokha kuchuluka kwake, kaya K2 biliyoni kapena K20 biliyoni. Ikalakwitsa lero, mawa imatha kubweza. Ndipo palibe banki yokakamizidwa: yomwe ili ndi ndalama zongokhala ndiyo imabwera yokha kudzagula.

M'dziko la ulimi ngati lino, kusinthasinthaku n'kofunika kwambiri. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma cha mu Epulo, madola amalowa, alimi amalipidwa, ndipo ndalama zimayenda zambiri. Pofika Januwale ndi Febuluwale zinthu zimakhala zitatembenuka. Kusefukira kwa miyezi ingapo sikufuna lamulo lokhalitsa; kumafuna chida chotunga lero n'kudzathiranso nthawi yake ikakwana.

Koma chidachi chili ndi mtengo. Reserve Bank ikatenga K10 biliyoni kwa masiku 7 pachiwongoladzanja cha 24 peresenti pachaka, imabweza ndalamazo n'kuwonjezera pafupifupi K46 miliyoni. Sabata ikatha ndalama zija zabwereranso m'mabanki, zitachulukirapo, ndipo ntchito iyambirenso. Ngati kusefukirako sikukuchokera kunyengo koma kuboma lomwe likugwiritsa ntchito ndalama zambiri kuposa zomwe likutolera, kutunga kwake sikutha ndipo bilu yake imangokula. Apa ndi pomwe banki yaikulu imabwerera ku chida cholemera chija, monga zidachitikira kuno mu 2023 ndi 2024.

Zenera la operewedwa

Chida chachitatu chimagwira ntchito banki ikafika madzulo ilibe ndalama zokwanira kulipira mabanki anzake kapena kukwaniritsa gawo lokhomera lija. Imayamba yafunsa anzake. Akakana, imapita pazenera la Reserve Bank lomwe kuno limatchedwa Lombadi, n'kupereka mapepala a ngongole za boma ngati chikole. Palinso njira yogulitsa mapepalawo kubankiyi asadakhwime, pamtengo wotsikirapo.

Chiwongoladzanja cha Lombadi chimamangirizidwa ku chiwongoladzanja chachikulu chomwe komiti ya Reserve Bank imalengeza ikakumana kanayi pachaka. Kuyambira mu 2020 chidaikidwa kuti chizikhala 0.2 pamwamba pake. Chachikulucho chitafika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, Lombadi idakhala pa 26.2. Pamlingo umenewu, kubwereka K1 biliyoni kwa usiku umodzi kumadya pafupifupi K718,000.

Ntchito yeniyeni ya zenerali n'kukhala denga. Banki yomwe ili ndi chikole singalole kubwereka kwa inzake pamtengo wopitirira wa Lombadi. Limatetezanso kuti kuperewedwa kwa tsiku limodzi kusasanduke mpungwepungwe wa makasitomala olephera kutapa ndalama zawo.

Nanga bwanji silikhala chida chachikulu chowongolera kuchuluka kwa ndalama? Chifukwa woyambitsa si banki yaikulu. Iyo imangoika mtengo n'kudikira. Obwera ndi kuchuluka kwa zomwe atenge zimadalira mabanki eni ake. Limathanso kuthira ndalama zokha, silingatunge. Ndipo likatsika mtengo kwambiri, mabanki akhoza kubwereka pamenepo n'kukagula mapepala a ngongole za boma opindulitsa kwambiri, zomwe n'kuthira madzi m'nyumba yomwe ikukolopedwa.

Pomwe zimakumana ndi sikelo

Chodabwitsa n'chakuti kuno chida chomwe sichilamulira kuchuluka kwa ndalama ndicho chimafika msanga pangongole ya wamalonda. Kuyambira mu 2019 mabanki amawerengera ngongole kuchokera pa chiwongoladzanja choyambira chimodzi, chomwe amachitcha refalensi reti ndipo chimalengezedwa mwezi uliwonse. Pochiwerengera, gawo lalikulu limachokera ku Lombadi. Zina n'chiwongoladzanja chobwerekana mabanki, cha mapepala a boma a masiku 91, ndi cha maakaunti osungira ndalama. Pamwamba pake banki iliyonse imawonjezera yakeyake malinga ndi momwe ikumuonera wobwereka.

Pakati pa Epulo 2022 ndi Febuluwale 2024 chiwongoladzanja chachikulu chidakwera kuchoka pa 14 kufika pa 26 peresenti, ndipo choyambira chija chidatsatira. Tanthauzo lake lioneke pachitsanzo cha wogula soya wa ku Mponela yemwe wabwereka K2 miliyoni kuti asunge matumba miyezi 6 n'kubweza zonse kumapeto. Pa 20 peresenti pachaka, chiwongoladzanja chake ndi K200,000. Pa 30 peresenti ndi K300,000. Kuti angobweza ngongole, soya wake ayenera kukwera ndi K15 pa K100 iliyonse m'malo mwa K10, osawerengera thiransipoti, matumba, lendi ya posungira ndi kuchepa kwa kulemera soya akamauma.

Choncho wamalonda ali ndi zizindikiro zitatu zoti aziwerenga. Kukwera kwa chiwongoladzanja chachikulu kumatanthauza kuti ngongole yomwe ili kale m'manja ikhoza kudula mwezi wotsatira, ngati pepala lomwe adasaina likunena kuti imatsatira refalensi reti. Funso limeneli n'lofunika kulifunsa asadasaine. Kukwera kwa gawo lokhomera kumaonekera mochedwerapo, ndipo nthawi zambiri osati pamtengo koma pakhomo: mafomu kuchedwa, chikole chofunidwa kukula, kapena kupatsidwa zochepa kuposa zomwe wapempha. Zamsika wa mapepala sizimveka pawailesi, koma chiwongoladzanja cha mapepala a boma chimatuluka m'nyuzipepala. Chikakhala chokwera, banki imapeza phindu labwino pobwereketsa boma popanda chiopsezo chachikulu, ndipo wamalonda wamng'ono amayenera kulipira zoposa pamenepo kuti aganiziridwe.

Zida zonsezi zili ndi malire. Zimachepetsa kwacha zothamangitsa katundu, koma sizichulukitsa katunduyo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ng'amba ya 2024 itachepetsa chimanga, mitengo idakwerabe ngakhale ngongole zidali zodula. Banki m'khonde nayonso siitsatira Lombadi, poti chiwongoladzanja amagwirizana mamembala eni ake. Koma mabanki akayamba kukaniza, ofuna mpamba amachuluka m'magulu amenewa ndi kwa akatapila, ndipo kufinya kwa ku Lilongwe kumakafika motero ngakhale kwa wogulitsa tomato wa ku Malomo yemwe sadatsegulepo akaunti.