Mwalipira mochedwa, koma nanunso mwakwiya: mulembe bwanji?

Tiyerekeze mayi wina wa lesitilanti ku Zomba. Lolemba lililonse amaoda nkhuku 40 kwa mlimi mmodzi, ndipo anapangana kuti azilipira pasanathe masiku 14. Mwezi uno K400,000 yoyenera kulipidwa pa 5 yapita pa 17, chifukwa omwe mayiwa anawaphikira chakudya cha pamsonkhano anachedwa kuwalipira. Lolemba pa 20 nkhuku sizinabwere. Mlimi sanaimbe n'komwe foni, wangotumiza invoisi ya K40,000 ya chindapusa chomwe sanakambiranepo.

Mtima uli m'mwamba, mayiwa alemba pa WhatsApp: "Bambo, mwandichititsa manyazi kwa makasitomala anga. Zaka zitatu ndikukugulani, lero mukundiyesa wakuba? Nthawi zonse mumatero. Alimi a nkhuku ndi ambiri."

Mkwiyowu ndi womveka. Koma uthengawu sukutchula masiku 12 aja, pomwe mlimi, amene amagula chakudya cha nkhuku ndi ndalama yomweyo, ndi omwe akuwakumbukira. Akauwerenga ayankha kuti "munayamba ndinu," basi mkangano wabuka. Mawu akuti "nthawi zonse" adzawatsutsa mosavuta, ndipo kuopseza kuti mupita kwina kumam'chititsa munthu kuuma mtima. Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti uthenga wonsewu sukupempha kanthu.

Pali milandu iwiri pano, ndipo njosiyana: kuchedwa kulipira ndi kwa mayiwa, kuimitsa katundu mwakachetechete ndi chindapusa ndi za mlimi. Yambani ndi wanu, mwachidule, osadzikhululukira:

"Bambo, mwaswera bwanji? Ndalama ya pa 5 ndinalipira pa 17, ndipo sindinakudziwitseni kuti ichedwa. Ndinalakwa, pepani. Komabe Lolemba nkhuku sizinabwere popanda chenjezo, ndipo ndinabweza makasitomala. K40,000 ya chindapusa sinali m'pangano lathu, choncho sindilipira. Ngati mukufuna kuti chindapusa chizikhalapo mtsogolomu, tikhale pansi tilemberane. Ine ndikaona kuti ndichedwa, ndizikuuzani kudakali masiku atatu. Chonde nditsimikizireni pofika Lachinayi ngati nkhuku 40 zibwere pa 27."

Onani kuti "sindilipira" wakhalabe momwemo, sanafewetsedwe. Mayiwa sanalonjezenso kuti "sizidzachitikanso," pakuti alibe mphamvu pa tsiku lomwe ena adzawalipire. Alonjeza chokhacho chomwe angakwanitse, kudziwitsa msanga. Ine ndimakhulupirira kuti wogulitsa amapirira kuchedwa kuposa kukhala mumdima, akuimba foni yosayankhidwa.

Musanatumize, fufuzani mauthenga akale ndi mainvoisi. Ngati chindapusa chinatchulidwapo ndipo munavomera, chotsani chiganizo chokana chija, mulipire. Ikaninso chithunzi cha umboni wa malipiro a pa 17, kuti tsikulo lisakhale lotsutsana. Lachinayi likadutsa kuli zii, imbani foni, ndipo nkhuku za pa 27 muyambe kufunsa kwina.